Chambo chikhale pati pa menyu ya tsamba limodzi?

Pa maphunziro athu a kayendetsedwe ka malo odyera tafika pa mutu wa menyu. Ntchito imene atipatsa ndi kukonza menyu ya tsamba limodzi la A4 ya lesitilanti yaing'ono, yamtundu uja wa m'tauni kumene anthu a m'maofesi amathamangira kukadya nkhomaliro. Chachikulu chimene ndatolapo n'chakuti ntchitoyi imayamba ndi kakyuleta, kompyuta imabwera pambuyo. Sungadziwe chakudya choyenera kuchipatsa malo abwino patsamba usanadziwe ndalama imene mbale iliyonse imasiya m'kabati.

Njira yowerengera imene tikugwiritsa ntchito anaifalitsa Michael Kasavana ndi Donald Smith a ku yunivesite ya Michigan State ku America mu 1982. Chakudya chilichonse umachifunsa mafunso awiri. Loyamba, ukachotsa mtengo wa zipangizo zophikira pa mtengo umene kasitomala walipira, pamatsala zingati? Lachiwiri, mbale zake zimagulidwa zingati poyerekeza ndi zinzake?

Manambala otsatirawa ndi ongoyeserera, a pepala langa la m'kalasi, ndipo mitengo ikusintha msanga masiku ano, koma kawerengedwe kake n'komweko. Tinene kuti pamwezi pagulidwa mbale 500 za zakudya zisanu. Nsima ya nkhuku ya lokolo ndi K9,000, zipangizo zake zimadya K5,500, ndiye imasiya K3,500, ndipo zagulidwa mbale 160. Chipisi cha nkhuku chimasiya K4,500 pa mbale, zagulidwa 140. Nsima ya nyemba ndi masamba otendera imasiya K3,000, zagulidwa 120. Chambo chowotcha ndi K14,000, zipangizo K8,500, chimasiya K5,500, koma zagulidwa mbale 50 zokha. Supageti wa nyama yogaya amasiya K2,500, ndipo ndi anthu 30 okha amene anamuitanitsa.

Ukaphatikiza zonse zotsala pamwezi zikukwana K1,900,000, ndipo ukagawa ndi mbale 500 ukupeza K3,800. Umenewo ndiwo mzere wa phindu: chakudya chosiya ndalama yoposa pamenepo ndi chaphindu. Mzere wa kukondedwa umapezeka chonchi: zakudya zisanu zikanati zizigulidwa mofanana, chilichonse chikanagulitsa mbale 100, ndipo njirayi imatenga 70 peresenti ya nambala imeneyo, kutanthauza mbale 70. Chipisi cha nkhuku chadutsa mizere yonse iwiri, ndiye chili m'gulu limene amalitcha nyenyezi. Lokolo ndi nyemba zimayenda malonda koma zimasiya zochepa, amenewo ndi akavalo olima. Supageti wagwa konse kuwiri. Chambo ndicho chozunguza mutu, phindu lake ndi lalikulu kuposa zonse koma ochigula ndi ochepa.

Apa pali msampha umene ophika ambiri amagwamo chifukwa chozolowera kuwerengera ndi maperesenti. Nyemba za K4,500 zipangizo zake ndi K1,500 basi, gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, pamene chambo chimadya kupitirira 60 peresenti ya mtengo wake. Ukayang'ana maperesenti okha uganiza zokankha nyemba. Koma lendi ya nyumba, magetsi ndi malipiro a antchito salipira ndi peresenti, amalipira ndi makwacha, ndipo mbale ya chambo imasiya K2,500 kuposa ya nyemba. Anthu 30 okha atasiya lokolo n'kutenga chambo, pamwezi pakhoza kuwonjezereka K60,000 popanda kasitomala watsopano ngakhale mmodzi. Ntchito ya tsamba langa ndi imeneyo, kusuntha anthu ochepa chabe.

Tsono chambocho chikhale pati? Mabuku akale a ntchitoyi amanena kuti diso limayamba kugwera pakati pa tsamba, kenako limalumphira kumtunda cha kumanja, ndipo kumeneko ndiye kuika chakudya chaphindu. Mu 2012 Sybil Yang anafalitsa kafukufuku amene anagwiritsa ntchito makina otsata kumene maso akuyang'ana, ndipo anapeza kuti anthu ankawerenga menyu mwadongosolo ngati buku, osati modumphadumpha kufuna ngodya inayake yapadera. Chimene chili ndi umboni wooneka bwinoko ndi malo a chakudya pamndandanda wa gulu lake. Eran Dayan ndi Maya Bar-Hillel, mu kafukufuku wa 2011, anapeza kuti chakudya chikakhala koyambirira kapena kumapeto kwa mndandanda chimasankhidwa kwambiri kusiyana ndi pamene chomwecho chili pakati. Zimenezi ine zimandimvekera, chifukwa munthu wanjala amagwira choyamba chimene waona ndi chomaliza chimene wawerenga, zapakati zimangodutsa.

Ndiye pagulu la zakudya zazikulu ndaika chambo pamwamba, chipisi cha nkhuku pansi penipeni, lokolo ndi nyemba pakati. Sindikuopa kuti lokolo itayika. Munthu amene wabwera ndi mtima wa lokolo adzaifuna mpaka aipeze, ngakhale itakhala pa mzere wachitatu, ndipo kuipatsa malo apamwamba ndi kuwononga malowo. Kuika chambo cha K14,000 pamwamba kuli ndi ubwino winanso: mtengo woyamba umene munthu waona umakhala muyeso wa mitengo ina yonse, moti chipisi cha K8,500 chimaoneka chotsikirako. Supageti ndamuchotsa. Anthu 30 aja ambiri adzasankha china chosiya ndalama zambiri, ndipo khitchini yapuma pa kusunga nyama yogaya imene imachedwa kutha. Akanakhala kuti ndi chakudya chokhacho chimene ana amadya ndikanaganiza kawiri, chifukwa mwana akasowa chakudya banja lonse limapita kwina.

Mbali imene yanditengera nthawi ndi ya kusadzaza tsamba. A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Ndasiya mamilimita 15 opanda kanthu mbali zonse. Dzina la lesitilanti lili pamwamba koma ndi laling'ono, popeza munthu amene wakhala kale patebulo akudziwa kumene ali. Magulu ndi atatu okha, zakudya zazikulu, zowonjezera ndi zakumwa, ndipo palibe gulu lopitirira zinthu zisanu ndi chimodzi. Mayina a zakudya ndawalemba ndi zilembo zakuda bii za saizi 13, kufotokoza kwake saizi 11, mitundu ya zilembo iwiri basi. Zilembo zikachepa kuposa apo, wachikulire amene waiwala magalasi kunyumba amangoika pepala pansi n'kuitanitsa chimene anadya dzulo.

Bokosi lilipo limodzi lokha patsamba lonse, lozungulira chambo, la mzere woonda, ndipo mkati mwake ndasiya mpata wokwanira mbali zonse. Pamenepa tinakangana ndi anzanga a m'gulu, amene ankafuna bokosi pa chambo, nyenyezi yofiira pa chipisi, chithunzi pa lokolo ndi mawu akuti “chatsopano” pa juwisi. Kuonetsa kumagwira ntchito chifukwa zinazo zili phee. Zili ngati pamsika pamene mavenda onse akukuwa nthawi imodzi, sumva ngakhale mmodzi. Mpata wopanda kanthu ndi umene umakokera diso, ndipo ukangoudzaza watha ntchito. Zithunzi sindinaike. Chithunzi cha nsomba yowotcha chikatuluka pa makina osindikizira wamba chimada n'kuoneka ngati chapserera, ndipo chimalanda malo a zakudya ziwiri kapena zitatu.

Mawu ofotokoza nawonso ndawagawa mokondera. Nyemba zili ndi mzere umodzi waufupi. Chambo chili ndi mizere iwiri: “Chambo chathunthu chowotcha pamakala, ndi kachumbali wa tomato ndi anyezi. Sankhani nsima, mpunga wa Kilombero kapena chipisi.” Mawu aliwonse akunena chinthu chimene munthu achione m'mbale. Mawu ngati “chokoma zedi” ndawasiya chifukwa palibe menyu imene imanena kuti chakudya chake sichikoma. Ndipo ngati mpungawo si wa Kilombero, usalembe choncho, anthu amaudziwa ndi fungo.

Pa mitengo ndiye sindikugwirizana kwathunthu ndi zimene tinaphunzira. Ndikuvomereza kuti mitengo isaime pamzere umodzi kumanja, yolumikizidwa ndi timadontho kuchokera ku dzina la chakudya, chifukwa ikatero munthu amatsika ndi chala pa manambala okha, napeza yotsika kwambiri, kenako n'kuyang'ana kuti ndi chakudya chanji. Mtengo ndauika kumapeto kwa mawu ofotokoza, ndi zilembo zofanana nawo. Ofufuza a ku yunivesite ya Cornell anapezanso mu 2009 kuti odya amene anapatsidwa menyu yopanda chizindikiro cha dola anawononga ndalama zochulukirapo, ndiye ndachotsa K n'kulemba kamodzi pansi kuti mitengo yonse ndi ya m'makwacha. Koma kuchepetsa manambala mpaka osaoneka bwino, monga ena amalangizira, sindikuchita. Kasitomala wa nkhomaliro amabwera atawerenga kale ndalama ya m'thumba ndi ya minibasi yobwererera. Akachita manyazi pa nthawi yolipira sabweranso, ndipo K60,000 ija imapita naye.

Pali malire amene pepala silingawadumphe. Kukankha chambo kuli ndi nzeru pokhapokha khitchini ikwanitse. Nsomba imaonongeka msanga magetsi akazima, mtengo wake kwa ogulitsa umakwera ndi kutsika, ndipo mbaula imodzi singawotche nsomba khumi nthawi imodzi pamene aliyense akufuna kubwerera kuntchito. K5,500 ija ndi ya pa pepala ngati nsomba zina zikutayidwa, kapena ngati mbale imodzi ikudya mphindi makumi atatu za wophika. N'chifukwa chake manambala ayenera kuwerengedwanso mtengo wa zipangizo ukasintha, ndipo menyu ya tsamba limodzi ndi bwino kuisindikiza pa pepala wamba lolowetsa m'chikwama cha pulasitiki m'malo moimata pulasitiki kotheratu n'kumadzamata timapepala pa mitengo yakale. Komanso makasitomala ambiri kwathu kuno satsegula n'komwe menyu, amangofunsa kuti “Achemwali, lero muli ndi chani?” Ngati woperekera zakudya ayankha kuti “Lokolo ilipo, bwana,” bokosi langa lagwa m'madzi. Iyeyo ayenera kutchula zakudya mwa dongosolo lomwe lili patsamba, chambo poyamba.

Kuti ndidziwe ngati tsambalo likugwira, ndalisindikiza n'kumapatsa anthu amene sanalionepo kwa masekondi asanu, kenako n'kuwafunsa chimene akumbukira. Akatchula chambo, zili bwino. Akatchula dzina la lesitilanti kapena zakumwa, ndiye kuti zimenezo zakula mopitirira ndipo ndizichepetse. Mayeso enieni ndi a mu lesitilanti: usinthe tsamba lokha, mitengo uisiye mmene ilili, uwerenge mbale kwa mwezi wathunthu kuti masiku a malipiro ndi masiku ouma onse alowemo, kenako uone ngati chambo chakwera kuchoka pa 50 ndiponso ngati K3,800 ija yasuntha. Chambo chikakwera koma chipisi n'kutsika mofanana, phindu ndi K1,000 yokha pa mbale, osati K2,000, chifukwa anthu achoka pa chakudya chimene chinali chaphindu kale. Zikatero ndidzayesa kuika chipisi pa mzere wachiwiri, pansi pa bokosi penipeni, ndipo lokolo idzatsikira kumapeto.