Mawu akuti "kwaulere" anandidyera milungu isanu

Ndimalembera mabizinesi ang'onoang'ono mabuku a ndalama. Nditafuna makasitomala atsopano ndinatumiza uthenga kwa anthu 30 wakuti, "Ndiyeseni kwaulere muone kagwiridwe kanga." Basi, n'kuthera pomwepo. Anayi anayankha, ine chimwemwe.

Mmodzi mwa anayiwo ndi amene wandilembetsa izi. Ndinkawasanjira malisiti, kulowetsa zogula ndi zogulitsa, n'kuwapatsa lipoti Lachisanu lililonse. M'mutu mwanga ulerewo unali wa milungu iwiri, koma sindinalembe paliponse. Iwo ankangotumiza malisiti, ine n'kumalandira, poopa kuti ndikatchula za ndalama athawa. Itakwana milungu isanu ndinapita kukaitanitsa malipiro. Anandikhazika pabenchi kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, ati abwana ali pamsonkhano. Atatuluka anangotsegula foni n'kundionetsa uthenga wanga womwe uja. "Bambo, tsiku lothera munalemba pati apa?" Ndinasowa chonena. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti sankanama.

Tsopano uthenga wanga umati: "Ndikulemberani mabuku kwaulere masiku 14, kuyambira pa 3 mpaka pa 16 mwezi uno, malisiti a masiku amenewo okha. Pa 14 ndidzakuimbirani kuti ndimve maganizo anu. Mukafuna kupitiriza, mtengo wa pamwezi ndi uwu. Mukapanda kuyankha, ntchito idzaima pa 16, simudzalipira kanthu, ndipo ndidzakubwezerani mapepala anu onse."

Lembani tsiku lenileni, osati "milungu iwiri". Milungu iwiri aliyense amayamba kuwerenga pamene wafuna.

Mawu akuti "malisiti a masiku amenewo okha" ndinawaonjezera chifukwa cha wina mwa anayi aja. Atamva zaulere anandibweretsera katoni ya malisiti a chaka chathunthu. Ukapanda kuika malire, kulawa kumasanduka ntchito yonse.

Mtengo ndinkaubisa poganiza kuti uwaopseza. Ena amaopadi, sayankhanso. Koma amenewo akanathawabe pa tsiku la 15, nditawagwirira kale ntchito, ndiye bola athawiretu.

Pa nkhani ya kukhala chete musasiyepo mpata. Pali ena amatenga nambala ya khadi la kubanki poyamba, nthawi yoyesa ikatha n'kuyamba kudula ndalama. Ngati mumatero, nenani mu uthenga woyamba womwewo tsiku lodula, kuchuluka kwake ndi njira yoletsera. Ine ndinasankha kuti chete atanthauze kusiya, chifukwa munthu amene wadulidwa mosayembekezera amabwera ndi mkwiyo, osati ntchito.

Foni ya pa 14 ija imbanidi. Mukaona kuti munthu sanatumize lisiti ndi limodzi lomwe mlungu woyamba, musadikire, mufunseni chavuta n'chiyani, chifukwa amene sanayese sangagule. Wina anapempha masiku ena asanu. Ndinamupatsa, koma ndinamulembera tsiku latsopano lothera, iye n'kuyankha kuti wavomera, ndisanakhudze pepala lake lililonse.