Dimba la kwa akazi anga: mmene tinayendera kuti lilembedwe

Ndine mkamwini kuno kwa Mwambo, kumunsi kwa mtsinje wa Likangala. Kwa zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikulima dimba la theka la ekala limene akazi anga anapatsidwa ndi mayi awo. Zaka zonsezo ndinkadzala tomato, mpiru ndi chimanga chachiwisi, mbewu zokolola pa miyezi itatu. Mtengo sindinadzalepo. Chitsime chinali dzenje lofukula chaka ndi chaka, mvula ikabwera n'kukwiririka. Si ulesi ayi. Munthu sumanga chitsime cha njerwa pamalo pamene ukwati ukatha udzanyamula khasu ndi bulangete basi.

Anthu a kafukufuku anaziona kale zimenezi. Mayi Pauline Peters, amene anayamba kufufuza m'midzi ya ku Zomba kuno mu 1986, analemba kuti kuno minda imapita kwa ana aakazi, ana aamuna amalima kwa akazi awo. Ife tinkazidziwa osawerenga. Chimene ndinkafuna ine n'chakuti ndidzale mango omezanitsa khumi ndi awiri m'mbali mwa dimba, ndimange chitsime cha mamita asanu, koma nditadziwa kaye kuti thukuta langa lidzathera kwa yani. Mango oterewa amayamba kubereka pakapita zaka zitatu kapena zinayi, ndiye funso limeneli silozembeka.

Ndinayamba molakwitsa. Nditamva za lamulo la malo a m'midzi la 2016, loti munthu atha kulembetsa munda n'kulandira satifiketi, ndinapita ndekha kwa a nyakwawa. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anafunsa kuti, “Nanga eni mbumba ali kuti?” Nkhani inafika kwa apongozi ine ndisanafike pakhomo, ndipo inafika itasintha kale: akuti mkamwini akufuna kulemba dimba m'dzina lake. Kunali zii pakhomo kwa sabata ziwiri.

Tinayambiranso pamene pamayenera kuyambira. Akazi anga anauza mayi awo, mayi awo anaitana amalume, mwini mbumba, amene amakhala ku Jali kwa akazi awo. Pa bwalo la banja ine ndinakhala chakumbuyo, pakamwa ndi potseka.

Apa m'pamene panagona ntchito yonse, chifukwa fomu ya boma imafuna dzina, pamene mwambo wathu sunafunepo dzina limodzi. Dimba ndi la akazi anga polima, koma alamu anga awiri, achemwali a akazi anga, mmodzi ali ku Blantyre, amadziwa kuti zikawavuta kumene ali atha kubwera n'kugawiridwa mizere. Choyamba panabwera ganizo loti alembedwe amalume monga mkulu wa banja. Apongozi anakana poyera. “Achimwene, inu mukadzapita, ana anu sadzabwera ndi pepala m'manja?” Mantha amenewa si opanda pake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa womwalirayo ndi ana ake, osati ana a mlongo wake. Ndipo kumadzulo kwa Lilongwe, pamene boma linalembetsa minda ya mabanja potsatira malamulo a 1967, dzina lolembedwa linkakhala la mtsogoleri wa banja, ndipo mikangano yoti mwini weniweni ndani siinathe nalo pepalalo.

Ganizo lachiwiri linali loti tilembedwe awiri, ine ndi akazi anga, pakuti lamulo limalola anthu kulembetsa pamodzi. Alamu anga anangoti, “Ndiye mchemwali wathu akatsogola, dimba la amayi lipite kwa alamu ndi mkazi wina?” Ndinadziwa kuti akunena zoona, ngakhale zinandiwawa. Ndinapempha amalume kuti dzina langa alichotse pa nkhaniyo.

Tinamaliza chonchi. Dimba lonse la apongozi, pafupifupi ekala imodzi ndi theka, linagawidwa patatu tsiku lomwelo, aliyense mwa ana aakazi n'kuonetsedwa chigawo chake. Chigawo chathu chilembedwe m'dzina la akazi anga okha. Za ine tinalemba pepala lina lapadera: chitsime ndi mitengo ndi za pa dimba, sizichoka; ukwati ukatha kapena akazi anga akatsogola, ine ndidzakolola theka la zipatso kwa zaka zisanu, ndipo njerwa ndi simenti zidzawerengedwa n'kubwezedwa. Anasaina ana aakazi atatu, amalume ndi ine, apongozi anadinda chala, a nyakwawa anaika chidindo. Pepala lotere si satifiketi, ndipo kubanki sangalilandire ngati chikole. Mphamvu yake ili mwa anthu amene analipo tsikulo.

Chotsatira chinali malire. Musadikire oyeza malo kuti akupezereni malire, iwo amangolemba pamene eni ake agwirizana. Tinaitana oyandikana nawo onse anayi m'mawa umodzi, tinayenda ngodya ndi ngodya. Mbali zitatu zinalibe vuto, pali khonje wakale ndi chulu. Mbali ya kumtsinje ndiyo inavuta. Malire ake unali mfuleni umene madzi osefukira a 2015 anaukhotetsa, ndipo mizere isanu ndi umodzi inapezeka kuti aliyense akuti ndi yake. Chinatipulumutsa ndi chitsa cha mkuyu chimene agogo ena awiri anachikumbukira kuti chinali pa malire. Tinakumba, tinachipeza, mizere inayi inapita kwa anzathu, iwiri kwa ife. Tinataya, koma tinadzala udzu wa vetiva pamzere umenewo tsiku lomwelo onse akuona. Chizindikiro choti malire sanathe n'chosavuta kuona: woyandikana naye akatuma mwana m'malo mobwera yekha, dziwani kuti adzawakana mtsogolo.

Za boma ndiye n'zachidule. Pempho limapita ku komiti ya malo ya kwa gulupu. Lamulo linati wapampando ndi a gulupu, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi, kalaliki wa malo ndiye mlembi. Akazi anga anadzaza fomu ndi chiphaso chawo cha unzika, tinaphatikiza pepala la banja lija ndi mayina a mboni za malire. Pambuyo pake pamayenera kubwera oyeza, mapu ndi mayina zipachikidwe poyera kuti wodandaula adandaule, a Mfumu Yaikulu avomereze, ndiye satifiketi ituluke. Mkangano ukabuka umayamba ku bwalo la malo la kwa Mfumu Yaikulu, kenako la pa boma. Funsani risiti pa ndalama iliyonse imene mwapereka, ndipo jambulani mapepala onse pa foni musanawasiye.

Ife tili pa gawo lodikira oyeza, ndipo papita nthawi. Ena amandifunsa kuti nanga bwanji ndamanga kale chitsime satifiketi isanatuluke. Ndimawayankha kuti munthu amene ndinkamuopa sanali wochokera kutali, anali m'banja momwemu, ndipo za m'banjamo zinatha tsiku la bwalo lija. Satifiketi tikuifunabe, chifukwa madimba a m'mbali mwa Likangala akusowa, ndipo adzukulu a anthu amene anasaina aja sadzakumbukira chitsa cha mkuyu. Mango ndinadzala mu Disembala. Awiri anauma ndi chiswe, khumi agwira, ndipo alamu anga a ku Blantyre atumiza uthenga woti ndiwapezere mbande za chigawo chawo.