Ndisanakhulupirire manambala a siteshoni ya nyengo

Pa munda wothirira umene ndimagwirako ntchito ku Chikwawa pali kasiteshoni ka nyengo kamene kamayeza kutentha kwa mpweya, chinyezi, mvula ndi kutentha kwa nthaka. Masensa onse amalumikizidwa ku kabokosi kolemba manambala kamene timati loga, ndipo logayo imatumiza mzere umodzi pa mphindi 10 zilizonse kudzera pa netiweki ya foni. Anthu othirira amadalira manambalawa poganiza zoti atsegule madzi maola angati, choncho m'mawa uliwonse ndimayamba ndaunika fayilo ya dzulo ndisanaipereke kwa wina aliyense.

Choyamba ndimawerenga mizere. Mizere 6 pa ola, maola 24, ndiye kuti tsiku lathunthu liyenera kukhala ndi mizere 144. Vuto la mzere wosowa ndi loti sudzionetsa. Fayilo ikadumpha kuchoka pa 02:10 n'kufika pa 05:40, diso limangodutsapo, ndipo pulogalamu yojambula girafu imalumikiza malo awiriwo ndi mzere wowongoka ngati palibe chachitika. N'chifukwa chake ndimakakamiza fayiloyo kukhala ndi malo a mphindi 10 zilizonse, kuti pamene palibe kanthu paoneke kuti palibe kanthu. M'kapulogalamu ka Python aka, `df` ndi fayiloyo ndipo `temp` ndi mzati wa manambala a kutentha kwa mpweya.

```python
df.index = df.index.round("10min")
df = df[~df.index.duplicated()].sort_index().asfreq("10min")
df = df.replace(-9999, float("nan"))
print(df["temp"].isna().sum())
```

Mzere woyamba wa kapulogalamuka ndi wofunika chifukwa wotchi ya loga imatha kutsetsereka n'kulemba 08:10:04 m'malo mwa 08:10:00, ndipo `asfreq` imataya mzere uliwonse umene sunagwere ndendende pa nthawi yake. Mzere wachitatu ukuchotsa -9999, nambala imene loga yathu imalemba sensa ikalephera kuyankha. Maloga ena amalemba `NAN`, ena -7999, ndiye muyenera kudziwa ya kwanu. Nambala imeneyi ikatsala m'fayilo imawononga zonse: tsiku limene kutentha kwake kunali pa avareji ya madigiri 30, -9999 mmodzi yekha pa mizere 144 amagwetsera avarejiyo pa -39.6.

Ndikadziwa kuchuluka kwa mizere yosowa, ndimaona nthawi imene yasowera, chifukwa nthawiyo ndi imene imaulula choyambitsa. Mipata ing'onoing'ono yomwazikana tsiku lonse kawirikawiri imakhala netiweki, ndipo manambalawo amakhala akadali m'loga, ongofunika kukawatenga. Koma mpata umene ukuyamba m'bandakucha n'kutha dzuwa likatuluka, tsiku ndi tsiku, umenewo ndi batire. Sola yadzaza fumbi kapena batire yakalamba, moto ukumatha usiku usanathe. Mpata wotere umanamiza kwambiri chifukwa umadya maola ozizira okhaokha, ndiye avareji ya tsikulo imakwera ngakhale nambala iliyonse yotsalayo ili yoona. Mpata wa mzere umodzi kapena iwiri ya kutentha ndimaudzaza poyerekeza ndi manambala a m'mbali mwake n'kuika chizindikiro. Wa mvula sindidzaza ngakhale pang'ono.

Kenako ndimasaka manambala osatheka. Awa savuta. Mvula singakhale yochepera ziro, chinyezi sichingafike 140 peresenti. Pa chinyezi ndimalolerako pang'ono, poti mpweya ukakhuta madzi sensa yabwinobwino imatha kulemba 101 kapena 102, ndipo ameneyo ndimangomutsitsira pa 100. Pa kutentha kwa mpweya, malire olembedwa m'kabuku ka sensa sathandiza chifukwa ndi otakasuka kwambiri. Ndimaika malire oyenera kuno: kuchigwa cha Shire kutentha kumadutsa madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ndiye 43 sandidabwitsa, koma chilichonse chopitirira 50 kapena chochepera 3 ndimachikayikira.

Sensa ya m'nthaka, ya mtundu wa DS18B20, ili ndi bodza lakelake. Ikangoyaka imakhala itasunga nambala 85 m'kati mwake, ndipo moto ukaphethira, loga n'kuifunsa isanamalize kuyeza, imayankha 85.0 ndendende. Nambalayi ili m'kati mwa malire a sensayo, amene ndi -55 mpaka 125, choncho malire a m'kabuku amaidutsitsa. Ndikaona 85.0 sindiganiza za nthaka, ndimakaona mawaya a moto.

Chimene chimandidyera nthawi ndi nambala yoima. Imeneyi si yosowa, si yosatheka, imaoneka yaulemu ndithu. Sensa yamoyo imanjenjemera: ngakhale tsiku lopanda mphepo, kutentha kwa mpweya kumasuntha ndi 0.1 kapena 0.2 pakapita mphindi zochepa. Ndiye ndimawerenga kuti nambala imodzi yabwerezedwa kangati motsatizana.

```python
gulu = (df["temp"].diff() != 0).cumsum()
utali = df.groupby(gulu)["temp"].transform("size")
df["yaima"] = utali >= 12
```

Mizere 12 ndi pafupifupi maola awiri. Tsiku lina fayilo inali ndi mizere 144 yonse, popanda -9999, popanda chodutsa malire, koma kuyambira 11:20 mpaka 16:50 kutentha kunali 31.4, mizere 34 yofanana. Masana a mwezi wotentha, 31.4 ndi nambala yoti aliyense angaivomere. Ndinayang'ana mizati ina pa maola omwewo. Chinyezi chinali chitaima pa 48, pamene kutentha kwa nthaka kunkasuntha monga mwa masiku onse. Kutentha kwa mpweya ndi chinyezi zimachokera m'kachipangizo kamodzi, pa waya umodzi, ndiye wolakwa anali kachipangizoko kapena waya wake, osati loga kapena netiweki. Zikanakhala kuti mizati yonse yaima pamodzi, ndikanaloza pulogalamu yolandira deta, poti ena amaikonza moti ikapanda kulandira chatsopano izingobwereza nambala yomaliza. Titapita ku siteshoni tinapeza pulagi ya wayayo itachita dzimbiri lobiriwira, ndipo loga inkangolemba zimene inamva komaliza. Choopsa chake chinali choti maola amenewo ndi amene dzuwa limafika pachimake. Fayilo inkanena kuti tsikulo kutentha kunalekera cha m'ma 31, ndipo chiwerengero cha madzi ofunika kuthirira chikanatuluka chochepa.

Lamulo la mizere 12 silingagwire pa sensa iliyonse. Nthaka yakuya imasintha kutentha pang'onopang'ono, moti nambala imodzi kwa maola angapo si zachilendo, ndipo kumeneko ndimadikira theka la tsiku. Chinyezi chimatha kukhala pa 100 usiku wonse wa mame popanda vuto lililonse, ndiye ndimachiyesa chikakhala pansi pa 95 basi.

Choyezera mvula ndiye mutu waukulu, chifukwa ziro wake ali ndi matanthauzo awiri. M'kati mwake muli kandowa kopendekeka kamene kamagudubuka kakalandira mamilimita 0.2, ndipo loga imawerenga kugudubukako. Kukapanda kugwa mvula imalemba ziro. Fanulo yolandirira mvula ikatsekeka ndi masamba, zitosi za mbalame, kapena kangaude akamanga kandowako, imalembanso ziro yemweyo. Mu Ogasiti, ziro wa milungu ingapo ndi woona. Mu Januwale, ndikaona kutentha kwagwa ndi madigiri 6 m'theka la ola, chinyezi chalumpha kudutsa 90, koma mvula ili pa ziro, ndimaimbira foni mlonda wa kumunda: "Bambo, dzulo masana inagwa kumeneko?" Akati inagwa ya matope, ndiye kuti wina apite ndi botolo la madzi, akathire pang'onopang'ono m'fanulo n'kumvetsera ngati kandowa kakugogoda. Nthawi yothirayo timailemba, kuopa kuti madzi a m'botolo angalowe m'fayilo ngati mvula.

Pa zonsezi sindifufuta nambala. Fayilo yochokera ku loga imakhala momwe inabwerera, ndipo pambali pa nambala iliyonse ndimaika mzati wa chizindikiro: 0 yabwino, 1 yokayikitsa, 2 yolakwika, 9 yosowa. Othirira amalandira avareji yochokera pa manambala a 0 okha, pamodzi ndi chiwerengero cha mizere imene yalowamo. Mizere yabwino ikachepera 130 pa 144, kapena mpata ukagwera pa masana, tsikulo ndimalilemba kuti ndi losakwanira ndipo amagwiritsa ntchito avareji ya dzana.