Sabata imene fotokope inandichititsa manyazi m'kalasi

Sabata yathayi ndimakonzekeretsa ana anga a jogalafe pa mafunso a mapu, ndiye Lolemba ndinatulutsa pepala lakale la mayeso lomwe lili ndi mapu a sikelo ya 1:50,000. Mapu enieniwo ndili nawo amodzi okha, aakulu a A3, basi ndinakapangitsa fotokope pa A4 kuti aliyense akhale ndi ake. Zinthu zinasokonekera pomwepo, ine osadziwa.

Lachiwiri tinafika pa funso loyeza msewu wokhotakhota kuchoka pa mlatho kukafika pa mphambano. Njira yake ndi yomwe ija, kuyala ulusi motsatira msewu, kuika chizindikiro pomwe wathera kenako kuuwongola pa rula. Pa 1:50,000 sentimita imodzi imaimira mamita 500, ndiye kuti masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Ine pa mapu anga ndinapeza masentimita 12, omwe ndi makilomita 6, koma ana pafupifupi onse akuti 8.4, yankho makilomita 4.2. Ndinawakalipira ndithu kuti akudula makona ndi ulusiwo, osaganiza nkomwe kuti kalasi yonse singalakwitse mofanana choncho.

Lachitatu mtsikana wina amene sayankhulayankhula anakweza mkono. "Aphunzitsi, paja munati bokosi la giridi limakhala masentimita 2, nanga langali likukwana bwanji 1.4?" Kutenga rula kuyeza, zoonadi 1.4, manyazi ake eee. Makina akamachepetsa A3 kuti ikwane pa A4 amafinya zonse kufika pa 71%, koma nambala ija 1:50,000 imangokhalabe pomwepo ngati palibe chachitika pomwe sikelo yeniyeni ya pepalalo yafika cha m'ma 1:71,000. Anawo anayeza bwinobwino, wolakwa ndinali ine.

Kukonza kwake sikunavute. Bokosi lililonse la giridi ndi kilomita imodzi ngakhale mapu afinyidwe bwanji, ndiye 8.4 kugawa ndi 1.4 zinatipatsa 6 yemwe uja. Sikelo ya mzere ija ya m'munsi nayonso imafinyika limodzi ndi mapu, ukangogoneka ulusi pamenepo yankho limatuluka lolondola popanda masamu.

Lachinayi tinaona mafunso ena amene avulala nawo. Giradiyenti ndiye inapwetekeka kwambiri, malo awiri osiyana mamita 200 pa makontuwa, mtunda wake makilomita 4, yankho ndi 1:20, koma amene anayeza masentimita 5.6 nkutsatira nambala yolembedwa ija anapeza makilomita 2.8, phiri nkuoneka lotsetsereka 1:14. Manambala a giridi, beyaring'i ndi kukula kwa dera powerenga mabokosi sizinasinthe, poti mbali zonse zinafinyika mofanana.

Lachisanu ndinabwerera ku makina aja, ndinauza mnyamata wopanga fotokopeyo kuti asiye pa 100%, mapu atuluke zidutswa ziwiri tizimata tokha. Loyamba litangotuluka ndinayeza kaye bokosi ndi rula, masentimita 2 ndendende, mpamene ndinamuuza kuti apitirize enawo.