Lipoti la 7 koloko litayamba kufika 8 koloko

Lolemba m'mawa oyang'anira nthambi zathu anayamba kuimba foni kudandaula kuti lipoti la malonda a dzulo lake, lomwe limafika 7 koloko asanatsegule zitseko, lafika 8 koloko. Pa seva panalibe chosonyeza vuto, chifukwa zolembedwa za `cron`, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, zinkaonetsa kuti ntchito yotumiza lipotilo inayamba pa nthawi yake ndipo inatha bwino. Lachiwiri lipotilo linachedwanso ndi ola lathunthu, osapitirira kapena kuperewera ngakhale mphindi imodzi. Netiweki ikamavuta kuchedwa kwake kumasinthasintha, choncho kuchedwa kofanana chonchi kunandiuza kuti nkhani yagona pa wotchi.

Lamulo la `timedatectl` linaonetsa kuti seva yathu, yomwe timachita lendi ku Ulaya, imayendera nthawi ya `Europe/London`, ndipo mzere woyambitsa ntchitoyo 6 koloko m'mawa tsiku lililonse unali uwu:

```
0 6 * * * /opt/lipoti/tumiza.sh
```

Amene anaulemba anawerengera bwino pa nyengo yomwe ankaulembayo. Kuyambira Lamulungu lomaliza la Malichi, dziko la Britain limakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi, moti 6 koloko ya kumeneko imakhala 7 koloko kuno. Koma Lamulungu lomaliza la Okutobala, lomwe linali litangodutsa, amaibwezanso m'mbuyo, pamene ife ku Malawi sitisintha wotchi, timakhala maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yomwe mayiko onse amawerengerapo nthawi zawo, chaka chonse. Seva inkagwirabe ntchitoyo 6 koloko monga inauzidwira, kungoti 6 kolokoyo tsopano inali 8 koloko ku Lilongwe.

Lachitatu mnzanga wina anati tingosintha 6 kukhala 5 basi. Ndinakana, chifukwa pofika Malichi lipotilo likanayamba kufika 6 koloko, ndipo bwenzi tikuthamangira mzere womwewu kawiri pa chaka. Tinagwirizana zoika seva yonse pa UTC ndi lamulo la `timedatectl set-timezone UTC`, kenako n'kulemba `0 5 * * *`, popeza 5 koloko ya UTC ndi 7 koloko kuno mwezi uliwonse. Nyengo inatikomera, chifukwa miyezi imeneyo nthawi ya ku London imakhala yofanana ndi UTC, ndiye kusinthako sikunasunthe ntchito ina iliyonse tsikulo. Tinayambitsanso `cron`, pakuti pa makina ambiri imapitiriza kugwiritsa ntchito nthawi yomwe inaipeza poyamba mpaka itadzutsidwanso.

Chomwe chinadya Lachinayi lonse chinali kuunika mizere ina yonse, umodzi ndi umodzi, kufunsa eni ake ola lomwe ankafuna kwenikweni. Ntchito yotseka mabuku a tsiku ndiyo inatidetsa nkhawa, chifukwa pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku kuno, seva imakhala idakali pa deti la dzulo, ndipo malonda a maola amenewo akhoza kulowa m'tsiku lolakwika. Tinaikonza kuti izitenga deti ndi `TZ=Africa/Blantyre date +%F`. Lachisanu lipoti linafika 7 koloko, ndipo ndalemba pa kalendala kuti tidzalionenso Lolemba lotsatira Lamulungu lomaliza la Malichi.