Mmene ndimagulitsira zithunzi za pamsika pa Shutterstock ndi Adobe Stock

Kulembetsa kuti muzigulitsa zithunzi pa Shutterstock kapena Adobe Stock, misika ya zithunzi ya pa intaneti, n'kwaulere, ndipo sikuchedwa. Chimene chinandidyera kanthawi ndi fomu ya msonkho ya W-8BEN, yosonyeza kuti sindine wa ku America. Popeza Malawi alibe pangano la misonkho ndi dzikolo, chithunzi chikagulidwa ndi munthu wa kumeneko amadula 30 pa 100 iliyonse ya ndalama zanga. Zogulidwa kwina sadula. Polandirira ndalama ndinasankha Payoneer.

Kenako funso n'lakuti, ndijambule chiyani? Dzuwa likulowa panyanja n'lokongola, koma zithunzi zotero zilipo mbwee, ndipo njovu za ku Liwonde zimalimbirana malo ndi za ku Kenya. Ogula ndi anthu olemba malipoti a mabungwe, otsatsa malonda ndi a nyuzipepala, ndipo amasakasaka anthu wamba ali pantchito: mlimi akuthirira dimba, namwino akuyeza sikelo ya mwana, mayi akulandira ndalama pafoni.

Tiyerekeze ndi mayi wogulitsa tomato pamsika. Ndimapita mmawa, dzuwa lisanawawe, chifukwa masana chipewa kapena ambulera imagwetsa mdima pankhope. Ndisanatulutse kamera ndimayamba ndakhala nawo pansi. Chithunzi chooneka nkhope ya munthu sichiloledwa pa Commercial, kutanthauza chogwiritsidwa ntchito potsatsa malonda, popanda pepala losaina lotchedwa model release. Pepalalo ndi lachingerezi, choncho ndimalifotokoza m'Chichewa mosabisa: "Mayi, nkhope yanuyi ikhoza kudzaoneka pachikwangwani cha banki kapena cha anthu obwereketsa ndalama, ngakhale kunja kwa dziko lino, ndipo sadzakufunsaninso." Ena akamva zimenezi amakana, ndipo ndimawagula tomato n'kupita. Ovomera ndimawapatsa kangachepe pomwepo, kuti mawa pasadzakhale mawu. Ngati ali ndi mwana kumbuyo ndipo akuoneka, pepala lake ndi lina, losainidwa ndi kholo.

Akasaina ndimayang'ana zimene zazungulira. Misika yathu yadzaza zizindikiro za makampani: ambulera yofiira ya Airtel, chikwangwani cha TNM, dzina la pathumba la feteleza loyalapo tomato. Chitenje chachipani chokhala ndi nkhope ya mtsogoleri ndiye osayerekeza. Chimodzi mwa izi chikaoneka, oyang'ana zithunzi a ku Shutterstock kapena Adobe Stock amabweza. Kusuntha thumba kapena kuima mbali ina n'kosavuta kusiyana ndi kukafufuta pakompyuta.

Pamene sindingasainitse aliyense, monga chithunzi cha msika wonse uli piringupiringu, ndimachitumiza ku Shutterstock ngati Editorial. Chotere chimangogwira ntchito m'nkhani ndi m'mabuku, osati potsatsa malonda, sindichotsamo kapena kuwonjezamo kanthu, ndipo mawu ochifotokoza amayamba ndi malo ndi tsiku:

```
Lilongwe, Malawi - June 12, 2023: Vendors sell tomatoes at a market.
```

Ndikafika kunyumba, chithunzi chilichonse ndimachikulitsa mpaka 100% pakompyuta. Pafoni zonse zimaoneka zakuthwa, koma apa ndi pamene chilungamo chimatulukira. Ndimayamba ndi maso a mayi aja. Ngati akuoneka mbuu pamene tomato ali ngwee, kamera inalunjika polakwika, ndipo ndimachitaya. Kenako ndimaona m'malo amdima ngati muli timadontho tonga mchenga, timene timabwera kuwala kukachepa, makamaka pojambula ndi foni. Shutterstock ndi Adobe Stock onse amafuna JPEG yosachepera mamegapikiselo 4. Ndikajambula kavidiyo, kamera ndimaikhazika pamiyendo yake kuti isagwedezeke, ndipo Shutterstock imalandira ka masekondi 5 mpaka 60. Manja akuwerenga ndalama kwa masekondi 15 n'zokwanira.

Mawu ofufuzira amalembedwa m'chingerezi, ndipo ndimawaganiza ngati wogula amene sanafikepo kuno: `mobile money`, `small business`, `woman`, `market`, `Malawi`. Pa Adobe Stock mawu 10 oyambirira ndi amene ali ndi mphamvu, choncho ofunika ndimawaika patsogolo.

Za ndalama, musayembekezere kugula njinga yamoto mwezi woyamba. Wogula sagula chithunzicho, amagula chilolezo chochigwiritsa ntchito. Umwini umakhalabe wanga, n'chifukwa chake chithunzi chomwecho ndimachiika malo onse awiri ndipo chimagulidwa mobwerezabwereza. Adobe Stock imandipatsa 33 pa 100 iliyonse pazithunzi ndi 35 pamavidiyo, ndipo ndalama zimatapika zikafika madola 25. Shutterstock imayambira pa 15, n'kumakwera mpaka 40 malinga ndi kuchuluka kwa zimene wagulitsa, koma pa 1 Januwale aliyense amabwerera pansi. M'miyezi yoyambirira ya chaka, chithunzi cha mayi wa tomato chikhoza kugulidwa ine n'kulandira masenti 10 a dola basi.