Ndisanakweze thumba pa wilibala, ndimayamba ndasankha

Ndimatola ndi kugula zitsulo zakutha komanso mabotolo kuno ku Blantyre, makamaka ku Chilomoni ndi ku Ndirande. Miyezi yoyambirira ndinkangoponya chilichonse m'thumba limodzi, misomali, mapoto obooka, mawaya, zidutswa za mapaipi, n'kupita nazo kwa wogula. Iye ankapachika thumba pa sikelo n'kundilipira zonse pa mtengo wa chitsulo wamba, umene ndi wotsika kuposa yonse. Ine ndikachoka, anyamata ake ankakhala pansi kupatula kopa ndi aluminiyamu zimene ndawasiyira. Phindu langa linkatsala pamenepo.

Chida choyamba chimene ndinapeza ndi maginito. Sindinagule, ndinachotsa kumbuyo kwa sipikala ya wailesi yakufa n'kuimanga ndi chingwe. Ikamata, chimenecho ndi chitsulo wamba ndipo chimapita pa mulu wake. Ikakana kumata, ndimatenga tupa n'kupala pang'ono kuti ndione mtundu wa mkati. Chikaoneka chofiirira, ndi kopa. Chikaoneka chachikasu ndiponso cholemera m'dzanja, monga mipopi yakale ya madzi ndi maloko ena, ndi bulasi. Chikakhala choyera ndi chopepuka, ndi aluminiyamu. Kopa ndiye wokwera mtengo, kenako bulasi, kenako aluminiyamu, chitsulo wamba kumapeto. Kilo imodzi ya kopa imaposa makilo ambiri a chitsulo, n'chifukwa chake ngakhale kachidutswa kotalika ngati chala sindikasiya pa mulu wolakwika.

Chachiwiri ndi sikelo yangayanga, yokoleka ija. Ndimaiyesa ndi chigubu cha madzi cha malita 5, chifukwa lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye muvi uyenera kuima pa 5 n'kupitirira pang'ono chabe chifukwa cha chigubucho. Tsiku lina ndinayeza zitsulo kunyumba zinakwana makilo 42, koma kwa wogula wina zinasanduka 36. Ndinamuuza kuti, "Bwana, tiyeni tiyezenso, kunyumba zinali 42." Anandiyankha kuti, "Achimwene, sikelo yanuyo ndi yogulitsira nyemba." Sindinakangane naye. Ndinakwezanso katundu wanga pa wilibala n'kupita kwa wina, ndipo kumeneko zinakwana 41. Kilo imodziyo anachotsera dzimbiri ndi dothi, zimene n'zomveka.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi filiji yakufa imene ndinagula kwa mayi ena ku Chilomoni. Anandiitana ndikudutsa: "Bambo a zitsulo, tabwerani muone ichi, chikungotidyera malo." Ndinaona kompulesa, chinthu chakuda chozungulira chija chimene chimakhala pansi kumbuyo, ndipo mumtima ndinawerengera kale kopa wa mkati mwake. Ndinalipira mowolowa manja.

Kunyumba ndinayamba ndi kuwerenga kapepala komata pa kompulesa. Panalembedwa R600a, ndipo mpweya umenewu umayaka moto. Filiji yotere sitiyandikiza chopukusira chotulutsa nthethe za moto, mbaula kapena ndudu. Ndinagwirira ntchito panja, ndipo ndinapeza kuti kapaipi kamodzi kanali kothyoka kale, mpweya unatha kalekale. Ndinadula timapaipi ta kopa tolowa mu kompulesa ndi pulayala, ndinamasula mabawuti anayi, n'kuipendeketsa kuti oilo wake atsikire m'chitini, osati pansi pamene ana amasewera. Mawaya akuda a kumbuyo kwa filiji, amene ambiri amaganiza kuti ndi kopa, maginito inamata. Chinali chitsulo chopaka penti. Mbale ya m'chipinda choumitsira ija inali aluminiyamu. Thupi la filiji limaoneka lalikulu, koma ndi lata yopyapyala yokuta thovu louma ndi pulasitiki, ndipo wogula safuna thovulo, ndiye ndinatha theka la tsiku ndikulikanganula ndi tchizulo.

Kenako ndinacheka kompulesa ndi sowo yodulira zitsulo, motsata msoko wa pakati. Inkalemera makilo 7. Mkati munali mawaya okulungidwa, ofiirira bwino ngati kopa. Nditapala ndi tupa, pansi pa utoto wofiirawo panatuluka choyera. Anali aluminiyamu wopaka vanishi. Mafiliji ena, makamaka otsika mtengo, amapangidwa choncho, ndipo kunja sungadziwe. Ndalama zonse zimene ndinapeza pa filijiyo zinangobweza zimene ndinapatsa mayi aja, thukuta la masiku awiri linapita pachabe. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamagula filiji, fani kapena mota iliyonse imene sindingathe kuona mkati, ndimaiwerengera ngati chitsulo wamba, ndipo sindilipira kuposa theka la ndalama imene ndikuyembekezera kukalandira. Kopa akapezeka mkati, ameneyo ndi mwayi wanga.

Mawaya a magetsi akale sindiwotcha. Anzanga ambiri amayatsa moto kuti pulasitiki isungunuke msanga, koma utsi wake umalowa m'chifuwa, ndipo kopa amatuluka wakuda, wogula n'kupeza chifukwa chotsitsira mtengo. Ine ndimakhomera waya pa thabwa, ndimang'amba chikopa chake ndi mpeni motsata utali, n'kusolola. Batire ya galimoto ndimagulitsa yathunthu, sindiswa ndipo sinditaya asidi wake.

Si zonse zimene zimayenera kupita pa sikelo. Aluminiyamu ndimayamba ndafunsa amisiri oumba mapoto, amene amamusungunula okha. Malata ochindikala, zidutswa za migolo ndi zitsulo zowongoka ndimapita nazo kwa okhoma mbaula ndi owotcherera ku msika wa Ndirande. Iwo amagula poona ntchito imene chitsulocho chigwire, ndipo nthawi zambiri amapereka zoposa za pa kilo.

Mabotolo ndiwo amandipatsa ya ndiwo tsiku ndi tsiku pamene zitsulo zikudikira kuchuluka. Apulasitiki a theka la lita amafunidwa ndi amayi ophika thobwa, koma amafuna otsuka, osaphwanyika, okhala ndi chitsekero chake. Botolo lopanda chitsekero salifuna, choncho zitsekero ndimatola paliponse n'kusunga m'jumbo. Lililonse ndimalinunkhiza ndisanalitsuke. Likamveka palafini, petulo kapena mankhwala a mbewu, silipita kwa amayi a thobwa ngakhale nditalitsuka kangati, chifukwa m'menemo mudzamwera mwana wa munthu. Agalasi obweza, a zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi a mowa, ndimayendetsa chala pamlomo pake. Likakhala lobenthuka amalikana.

Pali katundu amene sindigula ngakhale atandichotsera mtengo chotani: mawaya a ESCOM, mamita a madzi, zivundikiro za ngalande za mumsewu, zitsulo za njanji ndi zikwangwani. Munthu akabwera madzulo ndi waya wokhuthala wodulidwa kumene, wowala m'mapeto, akufulumira ndipo sakunenerera mtengo, ndimamubweza. Zinthu zimenezi n'zakuba, apolisi akazipeza pakhomo pako mlandu ndi wako, komanso dera lonse limagona mumdima chifukwa cha waya womwewo. Ndili ndi kope limene ndimalembamo tsiku, chinthu chimene ndagula, kulemera kwake ndi dera limene chachokera.

Tsiku logulitsa ndimayamba ndi foni. Mitengo imasintha kawirikawiri, makamaka chigwereni kwacha mu Novembala 2023, ndiye ndimafunsa ogula awiri kapena atatu mtengo wa lero wa mtundu uliwonse ndisanabwereke wilibala yachiwiri kapena kulipira galimoto. Chitsulo wamba sindinyamula chisanafike makilo 100, chifukwa chochepa chimathera mu thiransipoti. Kopa ndi bulasi ndimaziika m'chikwama chapamsana, chilichonse m'jumbo mwake, kulemera kwake nditalemba kale m'kope. Ndikafika, ndimapempha kuti aziyeza thumba limodzilimodzi, ndipo ndimaima pamene ndikuona muvi wa sikelo uli pa 0 asanapachike kanthu.